Ng'ombe Zinayi za Mlongo Wanga

Bambo atamwalira anandisiyira khola lokhala ndi ng'ombe zinayi, ndipo palibe ndi imodzi yomwe inali yanga. Zinali za malowolo a mlongo wanga wamng'ono, yemwe anakwatiwa kutsidya kwa Shire, cha ku Makhanga. Kwathu ukwati ukatha mkazi asanabereke, ng'ombe zimabwerera kwa eni ake, ndipo akuchimuna samumasula mkaziyo mpaka ataziona ndi maso. Mlongo wangayo anali atakhala zaka zitatu opanda mwana, ndipo mwamuna wake anali wa dzanja lopepuka akamwa kachasu. Ulendo wina mlongo wanga anabwera ndi diso lotupa. Akuluakulu anakambirana, nati abwerere akayesenso chaka chimodzi. Pochoka anaima pakhola n'kundifunsa chapansipansi.

"Achimwene, zilipo zonse?"

"Zonse zinayi. Siziyenda izi," ndinatero.

Nthawi imeneyo ndinali nditangosiya ukalaliki kumunda wa nzimbe, ndili ndi K1,000 m'thumba ndi mutu waukulu kuposa chipewa. Boma linali litangololeza anthu wamba kugula ndi kugulitsa mbewu ngati ali ndi laisensi, ndipo abale athu othawa nkhondo ku Mozambique ankalowa m'boma la Nsanje tsiku ndi tsiku. Pakamwa pakachuluka chimanga chimakwera mtengo, aliyense pa Bangula ankadziwa zimenezo.

Panali mkulu wina wa malole amene anali ndi shedi yaikulu pafupi ndi njanji. Ankakongoza amalonda ndalama zogulira chimanga cha kumtunda, koma matumbawo ankakhala mushedi mwake ngati chikole, makiyi ali ndi iye. Iwe unkaikapo gawo limodzi, iye magawo atatu. Ndinaika K1,000 yanga, iye naonjeza K3,000, ndipo ndinagula matumba mazana awiri pa mtengo wa K20 lililonse. Ndi ndalama zanga zokha ndikanagula makumi asanu basi. Ndinayenda mozungulira mulu wangawo ngati tambala.

Kalaliki wake, bambo wowonda wa magalasi omanga ndi ulusi, anandiwerengera pepala ndisanasaine. Ngongole inali ya miyezi isanu ndi itatu. Koma Lolemba lililonse iye ankalemba ndi choko pachitseko mtengo wa thumba wa sabata imeneyo. Matumba ako akawerengedwa pa mtengowo n'kuchotsapo ngongole, chotsala ndicho chako. Chakocho chikachepera gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wa mulu wonse, unkaitanidwa. Unkapatsidwa masiku atatu kuti ubweze ndalama zina mpaka gawo lako libwerere pa limodzi mwa anayi. Ukalephera, bwana ankagulitsa matumba ako osakufunsa.

Ndinamva ndi makutu okha. Ine ndinakulira pa pinyolo ndi katapila, kumene ngongole ili ndi tsiku lake, ndipo wailesi yako imene wapinyolitsa palibe amaikhudza tsikulo lisanakwane. M'mutu mwanga munangokhala miyezi isanu ndi itatu ija. Ndinawerenga zala n'kupeza kuti ikutha mu Febuluwale, mwezi wa njala, pomwe chimanga chimakwera mtengo kuposa nthawi ina iliyonse.

Poyamba choko chinandikonda. Mtengo unafika K24, ndipo gawo langa linali K1,800 papepala. Mkazi wanga anati, "Gulitsani, bambo a ana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Ndinamuseka, ndati malonda a nsomba zouma amene iye amachita asamawayerekeze ndi a amuna. Mawu amenewo amandikumbutsa mpaka lero.

Kenaka malole a chithandizo anayamba kufika kumisasa ya othawa kwawo. Anthu aja ankalandira chimanga ndi ufa, koma sopo, palafini ndi ndiwo sankalandira mokwanira, ndiye ankagulitsako pang'ono kuti agule zimenezo. Sindiwaimba mlandu, inenso ndikanatero. Mbale ndi mbale, chimanga chinadzaza misika kuyambira ku Tengani mpaka ku Bangula. Lolemba lina ndinafika pashedi n'kupeza pachitseko palembedwa 18.

Kalaliki anandikodola. Analemba pachikuto cha buku lake kuti ndione ndekha. Mulu wanga tsopano unali wa K3,600. Kuchotsa ngongole, zanga zinali K600, pomwe gawo limodzi mwa asanu linali K720.

"Mubweretse K300 pofika Lachinayi," anatero.

"Koma tsiku langa ndi Febuluwale!"

"Febuluwale ndi tsiku lobweza ngongole yonse, achimwene. Ili ndi la chikole. Chimanga chikatsika, ngongole situtsika nayo. Zimene zikudyeka ndi zanu, ndipo bwana sadikira kuti zanu zithe, moto ufike pa zake."

Anandiuzanso njira ina, ndipo pamenepa ndiyenera kumuchitira chilungamo. Ndikanalola kugulitsa gawo limodzi mwa magawo atatu a matumba anga, ndalamazo zikanachepetsa ngongole, ndipo sindikanafunika kutulutsa tambala. Koma kugulitsa pa K18 chimene ndinagula pa K20? Ndinaona ngati kudzidula chala. Ndinatuluka thukuta lili kamukamu n'kupalasa njinga kubwerera kwathu.

Kunyumba ndinaima pakhola nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti ndikungobwereka. Febuluwale akafika ndigula zina ziwiri, zonenepa kuposa izi, ndipo mlongo wanga sadzadziwa n'komwe. Mkazi wanga anandiona ndikumasula chingwe.

"Zimenezo si zanu," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukupita nazo kuti? Mwana uja akabwera mawa, mudzamuonetsa chiyani?"

Ndinamukalipira kuti asanditsirire tsoka. Ogula ng'ombe amanunkhiza munthu wofulumira. Ziwirizo anandipatsa K300 yeniyeni, ngati anaonera m'buku la kalaliki.

Kuyambira pamenepo Lolemba linasanduka chilombo. Lamulungu ndinkakhala m'tchalitchi osamva ulaliki. M'mawa mwake ndinkapalasa njinga mpaka pamtengo wa msangu umene unali patali pang'ono ndi shedi, n'kuima pamenepo, chifukwa chitseko chinkaoneka koma manambala osawerengeka. Tinkakumana pomwepo amalonda asanu kapena asanu ndi mmodzi, tonse angongole a bwana mmodzi, aliyense akunamizira kukonza tcheni. Ndinali ndi mantha enieni.

Patapita masabata awiri choko chinalemba 16. Mulu unali wa K3,200, ngongole K2,700, zanga K500. Kalaliki anafunanso K300. Nditadandaula kuti ndangolipira kumene, anavula magalasi n'kunena mwa Chisena, mofatsa ngati akulankhula ndi wodwala.

"Nkhabe kukunamizani, achimwene, si bodza ayi. Gulitsani zonse lero mutenge zotsala zanu. Pano pali anzanu atatu amene alephera, ndipo matumba awo akutuluka Lachisanu."

Sindinamvetse kuti akundichenjeza chiyani. Ndinkangoganiza kuti ndikagulitsa tsopano, ng'ombe ziwiri zija zapita pachabe, ndipo njira yokha yoziwombolera inali kupirira. Ndinagulitsa ziwiri zotsalazo. Imodzi inali yaikazi yamathothomathotho imene mlongo wanga ankaikanda pamphumi akabwera. Inakana kutuluka pakhola mpaka ndinaimenya.

Lachisanu ndinaona chimene kalaliki ankatanthauza. Matumba a anzanga atatu aja anatulutsidwa tsiku limodzi, mazana angapo, pamsika umene unali wodzaza kale. Bwana sankafuna mtengo wabwino, ankangofuna ndalama zake zibwerere msanga. Ogula a ku Blantyre anadziwa kuti mwini katundu sangadikire, ndiye anangopinda manja n'kumatchula mtengo wawo. Kugulitsa kwa anzangawo n'kumene kunagwetsa mtengo wa ife otsala. Lolemba pachitseko panali 14, ndipo anandiitana kachitatu, K300 inanso.

Masiku atatu amenewo ndinayenda ngati wamisala. Ndinapita kwa amalume ku Chiromo, kwa mnzanga wakale wa kunzimbe, kwa mkulu wa mpingo. Ndinagulitsa njinga ndi wailesi, mkazi wanga anandipatsa mpamba wake wa nsomba, ndipo zonse sizinafike ngakhale theka. Lachinayi masana ndinagwada pamaso pa bwana mwiniwake, ine amene sindinagwadirepo kapitawo aliyense. Anandidzutsa mwaulemu. Anati nayenso ndalamazo anakongola kwa ena mumzinda, ndipo akumuyang'ana monga mmene iye akundiyang'anira ine.

Matumba anga anapita onse pa K13 lililonse. Ndinaima padzuwa n'kumawawerenga akukwezedwa palole, ngati kuwerengako kungasinthe kanthu. Anakwana K2,600. Bwana anachotsa K2,400 yake, chiwongoladzanja ndi lendi ya shedi, ndipo kalaliki anandiwerengera m'manja K20. Ndinali nditalowetsa K1,000 yanga ija ndi khola lonse.

Mu Febuluwale mvula inadula misewu, malole a chithandizo anachedwa, ndipo thumba linadutsa K30. Ndinali ndikunena zoona za mtengo, kungoti chimanga chinali cha ena. Sindinathe kugula ngakhale mwana wang'ombe.

Mlongo wanga anabwera mwezi womwewo, masana dzuwa likuswa mtengo. Anaoloka pabwato n'kuyenda wapansi, katundu wake yense ali m'chitenje chimodzi pamutu. Dzino lakutsogolo linalibe. Ndinali pakhonde, ndipo nditamuona patali ndinafuna kuthawira kumunda, koma ndinakhala pomwepo mpaka anafika. Anagwada n'kupereka moni monga mwa masiku onse.

"Chaka chija chakwana, achimwene. Ndayesa. Akuti mukapereke ng'ombe zawo andimasule."

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana mkazi wanga amene anali atabisa nkhope m'nsalu, n'kudzuka kupita kuseri kwa nyumba. Ndinamutsatira. M'khola munali mutamera bonongwe wofika m'mawondo.

Ndinayamba kufotokoza za choko, za magawo asanu, za masiku atatu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, sanandidule ndi kamodzi komwe. Ndinalonjeza kuti ndibwerera kunzimbe, kuti pakutha zaka ziwiri ndigula zinayi zina.

"Zaka ziwiri," anatero, akukhudza ndi lilime pamene panali dzino.

Ndinamuuza kuti akhale, tidzalimbana nawo. Koma tonse tinkadziwa kuti akuchimuna abwera ndi ankhoswe pasanathe sabata, ndipo bwalo lililonse lidzafunsa funso limodzi lomwelo, loti ng'ombe zili kuti. Anakhala nafe masiku awiri. Tsiku lachitatu anamanganso chitenje chake kuti abwerere kwa mwamuna wake, ndipo ndinamuperekeza kudooko. K20 ija ndinali ndisanaikhudze, ndinkaisunga m'Baibulo. Ndinamupatsa atakhala kale m'bwato. Anaitenga, analipira wopalasa, ndipo chenji yonse anandibwezera m'manja.

"Sungani, achimwene," anatero. "Muyambirepo kugula ng'ombe."