Uthenga wa Maliro Umene Unafika pa Kapiri

Ku Nangongwe mukafunsa za a Lastone Mvula, anthu amayamba ndi kunena kuti bamboyo salakwitsa. Ena amanena moyamikira, ena mokwiya ndithu, chifukwa munthu wosalakwitsa ndi wotopetsa kukhala naye mu komiti imodzi.

Anabadwira m'nyumba za njanji ku Kafue konko. Bambo awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito yokonza njanji, ndipo anasiyira mwana wawo chizolowezi choyang'ana wotchi asanapereke moni. A Lastone anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu m'sitolo ya zipangizo pa fakitale ya feteleza. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kompyuta, ali kale ndi imvi za m'mbali. Ntchito itatha sanafune kukhala pakhonde kumawerenga maminibasi opita ku Lusaka. Anapita kwa abusa n'kunena kuti mpingo ukufunika webusaiti, ndipo iwo ndiwo aziisamala.

Achinyamata anaseka, koma chinthucho chinakhazikika. Panali tsamba la kalendala, pamene a Lastone ankalemba maukwati, mapemphero a m'zigawo ndi masiku a kwaya. Panali tsamba la maulaliki: Lamlungu lililonse ankalumikiza kachojambulira mawu ku makina a zokuzira mawu, Lolemba n'kudula phokoso la mipando, n'kukweza ulalikiwo kuti anthu amvetsere. Ngakhale mawu a amayi a mpingo osonkhana Lachinayi ankawajambula. Tsamba lachitatu linali la zopereka, lokhala ndi nambala ya foni ya mpingo yolandirira ndalama, ndi mzere wolembapo chimene munthu akuperekera. Chimene ankanyadira koposa chinali mndandanda wa ana a mpingo amene anabalalika kumigodi ya ku Kopala, ku Livingstone ndi kunja. Aliyense wobwera pa Khirisimasi ankamugwira pakhomo la tchalitchi mpaka atasiya adiresi yake ya imelo. Akangoika chinthu chatsopano pa kalendala n'kudina batani lofalitsira, imelo inkapita yokha kwa onsewo.

Akazi awo, a Fridah, ankati laputopu ija ndi mkazi wamng'ono, ndipo amadya magetsi kuposa mbaula yamagetsi.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira, foni inalira a Lastone akumwa tiyi. Woimba foniyo anali wapampando wa chigawo. Amayi Mainess Sakala, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika ndi kutsogolera nyimbo kwa amayi a Lachinayi, anali atamwalira mbandakucha kuchipatala. Maliro anali kunyumba kwawo, ndipo kuika kunali Lachisanu.

A Lastone anamva chisoni chenicheni, chifukwa mayiyo ankawatchula kuti achimwene. Koma chisoni chawo chimathamangira kuntchito. Anaganiza za ufa, makala, kabichi, bokosi. Anaganiza kuti ana a mpingo akutali akadziwa msanga, chopepesa chifika msanga. Analemba dzina lonse, analiyang'ana kawiri monga mwa masiku onse, anaika malo ndi tsiku, pansi pake n'kuikapo njira yopita ku tsamba la zopereka. Nthawi itangopitirira eyiti koloko anadina batani, natenga jekete kupita kumaliro.

Anapeza azibambo atakhala panja pansi pa tenti, azimayi ali m'nyumba. Atapereka moni anakhala pafupi ndi a Chindikani, mlongo wake wa malemu, amene ankayendetsa zonse.

"Miriam mwamuuza?" anafunsa a Lastone. Miriam anali mwana yekhayo wamkazi wa malemu, namwino ku Kitwe.

"Tamuuza ati amayi adwala maningi, bwera," anatero a Chindikani. "Ali na mimba ya seveni manzi uja, sitingamuuze pa foni. Akwera basi ya seveni. Bonse apa nabauza, kulibe kuika pa sitetasi ya pa foni, kulibe kuika mu gulupu, mpaka afike."

Ndi mmene timachitira. Mwana amene ali kutali sauzidwa imfa ya kholo ali yekha pamsewu. Amauzidwa kuti matenda akula, n'kudzamva zoona atafika pakati pa abale oti amugwire akagwa. A Chindikani anali atatseka pakamwa pa aliyense, kuyambira adzukulu mpaka amayi a pamsika. Palibe amene anakumbuka kuti webusaiti nayo ili ndi pakamwa.

A Lastone anakumbukira batani limene anadina m'mawa uja. Mwambowo ankaudziwa bwino kuposa ambiri amene anali pansi pa tenti ija. Ali mnyamata ku sukulu ya ntchito zamanja ku Kabwe, analandira uthenga woti bambo awo adwala. Anakwera sitima atagula malalanje oti akapatse wodwala, ndipo anadzamva zoona ali pachipata, amalume awo atawagwira mapewa onse awiri. Mpaka lero amati manja amenewo ndi amene anawaimika tsiku lija.

Anadzuka osatsanzika. Kunyumba anatsegula laputopu, nachotsa chilengezo chija pa kalendala. Tsamba linayera. Koma iwo ankadziwa chimene munthu wosadziwa makinawo sakanadziwa: kuchotsa chilengezo sikubweza imelo imene yapita kale. Anatsegula mndandanda ngati kuti dzina la Miriam lingasowe lokha. Linalipo. Analilemba okha zaka ziwiri zapitazo, Miriam akuseka kuti amukakamiza.

"Mutumileni foni," anatero a Fridah ataima pakhomo la chipinda.

"Nikambe chani? Nikamufunsa ngati aona imelo, azaisegula pamene apo."

"Tumani ina, mukambe ati munalakwisa."

A Lastone anaika manja pa laputopu. Kulemba kwa anthu onse aja kuti mayi wakufa ali moyo, zala zawo zinakana. Anatseka chivindikiro. Chotsala chinali kupemphera kuti netiweki ivute, kapena batire ithe, kapena kuti Miriam akhale ngati achinyamata ena onse amene amasiya maimelo a mpingo osawerenga. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anafunitsitsa kuti ntchito yawo inyozedwe.

Anabwerera kumaliro, naitanira a Chindikani kuseri kwa nyumba, n'kuwauza zonse osadzikometsera. Mkuluyo sanakalipe, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kukalipa. Anangoti, "Imwe ba Lastone, imwe?" Kenaka anati popeza zatero, apite nawo kukalandira Miriam pamsewu, akaone okha chimene achita.

Minibasi ya ku Lusaka inaima cha m'ma fili koloko masana. Miriam anatsika pang'onopang'ono, dzanja limodzi pachiuno, lina litanyamula jumbo ya pulasitiki. Maso ake anali ofiira, koma ulendo wa maola asanu ndi atatu umafiiritsa maso a aliyense. Anapinda maondo pang'ono popereka moni.

"Mwayenda bwanji, mwana wanga?" anafunsa a Chindikani.

"Bwino, amalume. Amayi bali bwanji?"

"Bali ku nyumba. Tiye, uzabaona."

A Lastone anaganiza kuti imelo ija Miriam sanaiwerenge. Mumtima anayamba kale kuthokoza Mulungu chifukwa cha ulesi wa ana a masiku ano. A Chindikani ananyamula chikwama n'kutsogola, akuyenda msangamsanga kuti asafunsidwenso. Miriam anatsalira m'mbuyo ndi a Lastone, chifukwa cha mimba ija. Anadutsa timisika ta tomato, ndipo azimayi ogulitsa ankayang'ana pansi.

Atatsala pang'ono kukhota, Miriam analankhula osatembenuka, mawu ali pansi.

"Imelo ija ninaiona pa Kapiri, ba Lastone. Basi inaima, nasegula foni."

A Lastone anaima pamsewu, koma Miriam anapitiriza:

"Osabauza amalume. Bayesa maningi, balekeni baniuze beve."

"Mwana wanga, nikhululukire. Sininafunse."

Miriam anapitiriza ngati akufotokoza za wodwala wa m'wodi mwake. Anati atawerenga anadina kuti aone chilengezo chonse, koma tsamba linati palibe chimene chapezeka. Pamenepo mtima unadumpha: mwina alakwitsa dzina, n'chifukwa chake achotsa. Ba Sakala ndi ambiri. Kuchokera pa Kapiri mpaka Kabwe anakhala atagwira foni m'manja, akudikira imelo yachiwiri yopepesa.

"Tafika pa Kabwe, kulibe. Ndiye ninakumbuka ati ni imwe munalemba. Imwe simulakwisa dzina."

A Lastone akhala akumva mawu amenewo moyo wawo wonse, kufakitale, kumpingo, ngakhale kwa apongozi. Tsiku limenelo anawamva ngati mbama.

Miriam anati analira yekha pampando wa pawindo, pakati pa anthu osawadziwa, atadziphimba chitenje kumutu. Mayi wina wapampando woyandikana anangomugwira bondo osafunsa kanthu. Atadutsa Kabwe anatsegula tsamba la maulaliki, napeza mawu a amayi ake a Lachinayi lina la mwezi wa Malichi, pamene anayamba ndi nyimbo n'kuiwala vesi lachiwiri, amayi onse n'kuseka. Anawamvetsera kubwereza-bwereza mpaka Lusaka.

"Ija musakachose," anatero. "Olo malo yathe pa webusaiti, chosani ya abusa."

Apa tenti inali itayamba kuoneka. A Chindikani anaika chikwama pansi, natembenuka, nkhope itakonzeka kunena chimene anachisunga tsiku lonse. Azimayi awiri anali akutuluka pachipata manja ali okonzeka. Miriam anapatsira a Lastone jumbo ija.

"Ninagulila amayi ku Kitwe, nikalibe kukwela. Nigwilileni."

Anayenda yekha masitepe otsalawo, nalola amalume ake amugwire mapewa n'kumuuza. Kulira kwake kunamveka mpaka kumsewu, ndipo m'nyumba monse munayankha.

Masiku ano chilengezo cha maliro chimayamba chakhala chosafalitsidwa m'laputopu ya a Lastone, ngakhale tsiku lathunthu, mpaka mwini maliro atawauza ndi pakamwa pake kuti ana onse amva. Achinyamata amati mkuluyo wayamba kuchedwa, ukalamba wamupeza. Koma a Fridah amanena kuti madzulo a tsiku lija amuna awo anabwera kunyumba jumbo ija ikadali m'manja, atasowa woibwezera. Ataitsegula anapezamo malalanje asanu ndi limodzi, ndipo bambo wosalakwitsa uja anakhala pansi pakhomo la khitchini n'kulira ngati mwana.