Pepala limene ndinalikiya

Zotsatira za kuchipatala ndinazilandira patatsala masabata atatu kuti mwana wanga akwatiwe. Ndi mwana mmodzi yekhayo, wamkazi, ndipo bambo ake anatisiya ali folomu wani. Dokotala anandifotokozera bwinobwino za chotupa chimene anachipeza m'bere langa, koma atangotchula khansa makutu anga anatsekeka. Ndinangoona pakamwa pake pakuyenda. Ndinapinda pepalalo, n'kukwera minibasi ya ku Chileka, ndipo mpaka lero sindikumbuka kuti ndinakhala moyandikana ndi ndani.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yaulembi pa kakampani kothandiza anthu kutulutsa katundu pabwalo la ndege. Pakati pa sabata ndinkagona m'kachipinda ka lendi ku Chileka konko, Lachisanu n'kumapita kwathu ku Lirangwe, kumene mwana wanga ankaphunzitsa ku pulayimale. Ndinatsimikiza mumtima kuti iye asamve kanthu mpaka ukwati utadutsa. Ndimamudziwa mwana wanga. Akanayimitsa zonse, diresi n'kulibweza kwa telala.

Koma ndinkafuna munthu mmodzi woti awerenge pepalalo n'kundiuza m'Chichewa chomveka kuti ndili pati. Munthuyo anali mng'ono wanga, namwino, amene amagwira ntchito ku Botswana.

Vuto linali foni. Foni ya make mkwatibwi si yake ayi, ndi ya mudzi wonse. Ndikangofika ku Lirangwe mwana wanga ankailanda kuti aziyankha a komiti ya ukwati pa WhatsApp, kenako imapita kwa apongozi, kwa amayi a mvano, kwa aliyense wofuna kuona mtundu wa nsalu. Kujambula pepalalo n'kulitumiza pamenepo kukanakhala kulipachika pa msika wa Lachiwiri. Imelo yanganso anandipangira ndi iyeyo, ndipo inali yotsegula pa foni yake chifukwa opanga makadi ankalemba kumeneko.

Kuntchito tinali ndi lamulo. Makope a mapasipoti a makasitomala sitinkawatumiza osakiya, ndipo pasiwedi sinkayenda m'imelo yomweyo, chifukwa wobera imeloyo akanapeza loko ndi kiyi pamodzi. Ndinali nditachitira zimenezi alendo osawadziwa kwa zaka zambiri, ndikunyinyirika kuti abwana amakonda zovuta. Lachitatu la sabata yomweyo ndinadikira kuti anzanga apite kukadya masana. Ndinaika pepala langa pa sikana, n'kulisandutsa PDF, n'kuliika pasiwedi: mawu anayi osagwirizana ndi manambala pakati. Ndinalitseka n'kulitsegulanso kuti ndione ngati likufunsadi pasiwedi, ndipo linafunsa. Kope losakiya lija ndinalifufuta pa kompyuta.

Loko amabisa zam'kati zokha. Dzina la fayilo, mutu wa imelo ndi munthu amene ukumutumizira zimaonekabe. Choncho fayiloyo ndinangoitcha "pepala", ndipo m'imelomo ndinalemba kuti: "Usayankhe muno. Ndikuyimbira." Nditatumiza ndinaifufuta pa mndandanda wa zotumizidwa.

Mng'ono wanga ndi mng'ono wanga basi. Pasanathe ola anayankha m'imelo momwemo: "Achemwali, chinthu chanuchi sichikutseguka, tumizani pasiwedi." Ndinapsa mtima mpaka ndinamenya tebulo. Munthu wophunzira, wosunga zinsinsi za odwala, osatha kuwerenga mawu atatu! Ndinafufuta yankholo msangamsanga n'kumuyimbira. Foni inangoitana.

Inangoitana Lachitatu, inangoitana Lachinayi. Sabata imeneyo anali pa ntchito yotalika, ndipo m'wodi salola mafoni. Akapeza mpata wondiyimbira, ine ndinali mu ofesi pakati pa anthu, kapena netiweki inali itathawa. Analemba pa WhatsApp kuti, "Ingolembani pano, ndifufuta." Ndinakana. Iye akanafufuta kwake, koma ine ndikanaiwala kwanga, kapena uthenga ukanaoneka foni ili m'manja mwa wina.

Masiku amenewo ndi amene ndinasungulumwa kwambiri m'moyo wanga, kuposa pamaliro a mwamuna wanga. Pamaliro anthu amadziwa chimene ukulirira. Apa pepala langa linali litafika dziko lina, lili m'thumba la mbale wanga weniweni, koma palibe analiwerenga. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde la kachipinda kaja, ndege yamadzulo n'kudutsa pamwamba pa malata, mayi woyandikana nane akukazinga zitumbuwa n'kumandifunsa ngati nsapato za ukwati ndagula. Ndinkamuyankha kuti ndagula, zofiirira.

Loweruka m'mawa, ndili ku Lirangwe, foni inalira ili m'manja mwa mwana wanga.

"Amayi aang'ono akuyimba," anatero, akundipatsira.

Pakhomo panali podzaza amayi akupeta mpunga. Ndinati mawu sakumveka, n'kutsika kumunda kuseri kwa nyumba, kumene mapesi anali asanasonkhanitsidwe. Ndinayima pansi pa mtengo wa mango.

"Achemwali, mwayamba ukazitape?" anatero mng'ono wanga akuseka. "Chinsinsi chanji chimenechi, mndandanda wa oyitanidwa?"

"Uli wekha?"

"Ndili ndekha."

"Tenga cholembera."

Ndinamutchulira pasiwedi ija chilembo chimodzichimodzi, apa chachikulu, apa chaching'ono, apa nambala. Analakwitsa koyamba, n'kudandaula kuti ndatalikitsa dala. Kachiwiri ndinamva kuseka kuja kukuzima. Fayilo inali itatseguka, ndipo anayamba kuwerenga.

"Achemwali," anatero pamapeto pake, "mwakhala nazo nokha kuyambira liti?"

Ndinakhala pansi pa mapesi n'kulira, koyamba chilandirireni pepalalo. Kenako anayamba kulankhula ngati namwino. Anati chinapezeka chisanafalikire kutali, koma ndisadumphe tsiku lililonse limene achipatala andipatsa, kaya kuli ukwati kaya kulibe. Anandiuza mafunso oti ndikafunse dokotala. Anandiuzanso kuti ndimuuze mwana, ndipo ndinakana. Ndinapukuta m'maso ndi chitenje n'kubwerera kukapeta mpunga.

Ukwati unayenda bwino. Ndinavina mpaka mapazi anatupa, ndipo aliyense ankati make mkwatibwi wasangalala. Mwana wanga anali chete kuposa masiku onse, koma ndinati ndi manyazi a akwatibwi.

Patatha masiku anayi anabwera yekha ku Chileka, osandiuza. Anandipeza ndikuchapa. Ndinamupatsa mpando, n'kuyamba mawu amene ndinawakonza kwa masabata atatu. Sanandilole kumaliza.

"Amayi, imelo ukaifufuta imapita m'bini, sichoka nthawi yomweyo," anatero. "Yankho la amayi aang'ono linatulukira pa foni yanga musanalifufute. Ndinakafufuza m'binimo, n'kulipeza pepala lanu."

Manja anga anali m'madzi a sopo. Ndinamufunsa ngati analitsegula.

"Ayi. Silinatseguke. Koma inu simunandikiyirepo chinthu chibadwire changa, ndiye ndinadziwa kuti n'zoipa. Ndimaopa kukufunsani."

Anali atadziwa kuyambira Lachitatu loyamba lija. Anayeza diresi akudziwa, analowa m'tchalitchi akudziwa, ndipo sanauze ngakhale mwamuna wake. Ine ndinkaganiza kuti ndasenza ndekha kuti iye apepukidwe, pamene iye anali kwake ku Lirangwe, yekhanso, ndi fayilo yosatseguka.

"Ndinayesa tsiku lanu lobadwa," anatero, akuyang'ana pansi. "Ndinayesa dzina la ababa. Kenako ndinalemba dzina langa, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti litseguka."

Ndinafuna kumufotokozera kuti dzina la mwana sayika pa pasiwedi, poti ndi loyamba limene aliyense amayesa. N'zoona, ndipo ndikanakiyanso lero ndikanachita chimodzimodzi. Koma sindinanene. Ndinapukuta manja, n'kulowa m'nyumba, n'kutulutsa pepala lenilenilo pansi pa matiresi. Analiwerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, mmene amaphunzitsira ana a sitandade wani.

"Lolemba mukupita nthawi yanji?" anafunsa ataona papepalapo tsiku lobwerera kuchipatala.

"Seveni koloko."

"Mundidikire pa siteji ya ku Lunzu. Musakwere ndisanafike."