Duku Lachikasu

Amuna anga atamwalira, ndinavala zakuda chaka chonse. Ku Kadoma anthu ankandilankhula monong'ona ngati ndine wodwala, ndipo zinkandinyansa. Achibale atandimasula kuti ndivule zakuda, diresi lija sindinalitaye ayi, nsalu yake inali ikadali yolimba. Ndinangochotsa duku lakuda n'kumanga lachikasu, basi.

M'mawa mwake ndinakwera kombi ya ku Chegutu kukapikula tomato. Kondakitala yemwe miyezi yonseyo ankandipatsa mpando wakutsogolo mwaulemu anandiyang'ana kumutu, kenako n'kukalipa kuti, "Amayi, sunthani! Kombiyi si yanu nokha!"

Ndinamubwezera mawu mpaka anthu onse anafa nazo kuseka. Potsika pa Chegutu nanenso ndinali ndikuseka, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wondimvera chisoni.