Mbatata yosakumba

Mnzanga wa ku ubwana ndiye anandiuza za geni ya mbatata ya kachewere. Iye ankagula munda wonse mbatata isanakumbidwe, n'kulemba aganyu, n'kupita nayo ku Blantyre pa lole yahayala. Ankafuna wothandizana naye. "Tiye iwe, ukalamba ukupalira chimanga," anatero.

Kunena zoona, mtima unadumpha. Chibadwire ndinali ndisanapitirirepo pa Ntcheu. Koma mpamba ndikanaupeza pogulitsa mitengo ya paini imene bambo anadzala kuseri kwa nyumba, ndipo bambowo anali atafa ziwalo mbali imodzi. Owasamalira ndinali ine, poti azichimwene anga onse anali kuchikamwini. Nditawauza, bambo analoza mitengoyo ndi dzanja lawo labwino. "Gulitsa, mwanawe. Ine ndadya kale zanga."

Ndinapempha mnzanga kuti ndikaone kaye mmene amagulira. Tinapita kumunda wina cha ku Mayani, kukuzizira koopsa. Iye anazula phando kumtunda, lina pakati, lina kumunsi, n'kuyang'ana kukula kwa mbatatayo, basi n'kuyamba kunenerera mtengo. Mwini munda anakalipa, iye akungoseka, mpaka anagwirana chanza.

Pobwerera ndinamufunsa, "Nanga m'mapando enawo ikakhala yoola?"

"Zinandichitikirapo. Theka la munda linali phala lokhalokha. Ndinalira, kenako ndinakagula wina."

"Nanga ukafika ku Blantyre n'kupeza malole ali mbwee?"

"Umatsitsa mtengo, kapena umakhala pamatumba mpaka ithe. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Ankanena akutafuna nzimbe. Ine ndinali nditayamba kale kuwerengera zotayika, chonsecho mundawo sunali wanga. Ndimadzidziwa: nkhuku imodzi ikasowa, pakhomo ponse pamadziwa. Ndinadziona ndili pamatumba kumsika, mbatata ikuyamba kununkha, mitengo itapita, bambo akudikira wowatembenuza pamphasa. Ndinamuuza kuti sinditha. Sanandinyengerere, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandinyoza.

Geni inamuyanja mpaka anagula lole yakeyake. Ikamadutsa pamsewu ndinkaimika khasu, iye n'kuliza hutala. "Mpando wako ulipo!" ankakuwa. Ndinkaseka, koma ndinkasirira, Mulungu akudziwa. Ndinkafuna nditaona msika umene ankausimbawo, nditabwerako ndi fumbi la kwina kumapazi. Mitengo ija ndinkangodulako umodziumodzi, bambo akafunika mankhwala.

Bambo anamwalirira kuchipatala cha paboma. Bokosi linachokera m'matabwa a mitengo yawo yomwe, ndipo mnzanga anatsitsa matumba amene anali atapakira kale kuti akatenge maliro. Anandikweza kutsogolo, pambali pake.

Titafika pamphambano, dalaivala wa mnzangayo anaima kuti basi ya ku Blantyre idutse. Ndinaiyang'ana mpaka inabisika kuseri kwa phiri. Mnzanga anandigwira bondo, ndipo tinakhotera kumudzi.