Keke ya Lachisanu ndi Sikelo ya Amuna Anga

Amuna anga anagwira ntchito yoyeza masamba a tiyi pa esiteti kwa zaka zambiri, koma tiyiyo sanamwepo. Tinali a mpingo wa Sabata, umene sulola kumwa tiyi, ndipo m'mawa tinkamwa mkaka kapena madzi otentha a mandimu. Anthu othyola tiyi ankawaseka kuti amasunga chinthu chomwe sadziwa kukoma kwake. Iwo ankangomwetulira n'kukoleka dengu lina pa sikelo.

Chaka chimene anayamba kudwala, ana athu onse anali atachoka pakhomo. Tinatsala awiri m'nyumba ya kampani, ya njerwa zofiira, yomwe khonde lake linayang'ana kumunda wa tiyi wotsetsereka mpaka kumtsinje. Kuchipatala cha mishoni anapeza kuti ndi khansa ya m'mimba. Nsima inayamba kuwakana, nyemba n'zomwe sankafuna n'komwe kuziona. Lamba wa thalauza ndinamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali.

Mlongo wawo ndi namwino pachipatala chomwecho. Tsiku lina Lamlungu alamu angawo anabwera n'kundiitanira kukhitchini. Anandiuza kuti a dokotala akufuna kuti achimwene awo azidya makalori 600 patsiku kuwonjezera pa kaphala ndi timpunga tomwe ankalawa. Anandifotokozera kuti kalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi. Chiponde cha kuchipatala tinali titayesa kale, koma fungo lake lokha linkawachititsa nseru. Alamu atandifunsa chomwe odwalawo amadya osakakamizidwa, ndinachita manyazi kuyankha. Chinali keke, imene ndinkaphika Lachisanu lililonse dzuwa lisanalowe kuti tidye pa Sabata.

Sanandiseke. Anatulutsa m'chikwama kasikelo kakang'ono ka mabatire n'kundibwereka. Anati ndiziyeza chilichonse cholowa mu keke, ndiwerenge makalori olembedwa papaketi, ndiwonkhetse, kenako ndipeze kuti galamu imodzi ili ndi makalori angati. Za mazira ndi mkaka wa ng'ombe, zomwe zilibe paketi, anandilembera pa kapepala. Anali pa changu chothamangira minibasi, ndipo ine ndinavomera ngati ndamvetsa zonse.

Lachisanu ndinayeza. Fulawa magalamu 250, makalori ake 900. Shuga magalamu 200, makalori 800. Majarini magalamu 200, makalori 1,440. Mazira anayi ataswedwa analemera magalamu 200, makalori 300. Mkaka magalamu 150, makalori pafupifupi 100. Zonse nditazisakaniza n'kukokota mbale mpaka kuyera, phala la kekelo linakwana magalamu 1,000, ndipo makalori onse anali 3,540. Ndinasangalala kuti samuyo yabwera yosavuta. Ndinagawa 3,540 ndi 1,000 n'kupeza makalori atatu ndi theka pa galamu.

Uvuni ndinalibe. Ndinkathira mchenga mumphika waukulu, kuika chitini cha keke pamwamba pa mchengawo, kuvundikira ndi lata, n'kuyala makala a moto pa latapo. Itapsa n'kuzizira ndinadula chidutswa, n'kuchiika pa sikelo. Chinalemera magalamu 80. Mwa samu yanga chinali ndi makalori 283, ndiye kuti ziwiri zinali 566. Sizinafike pa 600.

Amuna anga ankakwanitsa zidutswa ziwiri, china m'mawa, china dzuwa likapendeka, akuviika mumkaka wofunda. Akamaliza chachiwiri ine ndinkabwera ndi kachidutswa kena kachitatu n'kuima pambali pawo. Ankandiuza kuti akhuta. Ine ndinkawaonetsa kapepala kanga. Masiku awiri anadzikakamiza kuti andisangalatse, ndipo masiku awiri onsewo anasanza zonse, ndi zomwe anadya kale zomwe. Tsiku lachitatu anakankha mbale, ine ndinalankhula mawu amene ndimawamvabe m'makutu mwanga. Ndinati ngati akufuna kufa andiuze, ndisiye kuvutika ndi makala.

Anatembenukira kumunda. Anakhala akuyang'ana anthu othyola tiyi kumunsi kwa khonde. Patapita nthawi anandipempha kuti ndiwabweretsere kapepalako ndi magalasi awo.

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse. Anandifunsa kuti keke ija inatuluka zidutswa zingati. Ndinati khumi ndi chimodzi, zonse zofanana. Anatenga pensulo n'kuchulukitsa 283 ndi 11. Inabwera 3,113.

"Amayi, munathira makalori 3,540 m'chitini. Apa mwatulutsa 3,113. Oposa 400 enawa apita kuti?"

Ndinati mwina anapsa ndi moto. Anapukusa mutu n'kufunsa ngati keke inapserera. Sinapserere. Anafunsanso ngati ndinaiyeza yonse itapsa. Sindinaiyeze.

"Kufakitale masamba aawisi amalowa makilo anayi ndi theka, tiyi wouma n'kutuluka kilo imodzi. Chimachoka ndi madzi. Keke yanunso imatuluka nthunzi mumphikamo. Yapepuka, koma shuga ndi majarini zili momwemo."

Lachisanu lotsatira anandiuza kuti nditulutsire mbaula pakhonde kuti aone. Anakhala pampando atafunda bulangete m'miyendo, pensulo itapanidwa kukhutu monga ankachitira kuntchito. Chitini chopanda kanthu anachiyeza choyamba n'kulemba m'kope lawo. Ine ndinkaika zinthu pa sikelo, iwo akutchula manambala mokweza, ndi mawu omwe aja ankaitanira kulemera kwa madengu. Keke itapsa sanalole kuti tiiyeze yotentha. Anati ikadali kutulutsa nthunzi, tidikire. Tinadikira, tikucheza za mbuzi za kumudzi kwawo ku Masambanjati, zomwe mphwawo ankati akuzisamala koma sizinkaswana.

Itazizira inalemera magalamu 880. Magalamu 120 anali atauluka. Anagawa 3,540 ndi 880 n'kupeza makalori anayi pa galamu, kupitirira pang'ono chabe. Chidutswa cha magalamu 80 chinali ndi makalori 320, ziwiri 640.

Ndiye kuti zidutswa ziwiri zija zinkakwana kale. Masiku onse aja ndinali kukakamiza munthu wodwala kudya chakudya chimene sichinkafunika, mpaka kuwasanzitsa. Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga mpeni n'kukaima kuseri kwa chitseko. Nditatuluka, maso ali ofiira, anachita ngati sanaone. Anangoti ndidule, dzuwa latsala pang'ono kulowa.

Kuyambira pamenepo Lachisanu linasanduka tsiku lawo la ntchito. Ankadzuka m'mawa, kumeta ndevu, kuvala malaya a kolala. Keke iliyonse ankaiyeza payokha, chifukwa moto wa makala sufanana. Ina inkatuluka 870, ina 895, ndipo ankagawanso samuyo mwatsopano. Alamu atabwera n'kuona kope lawo anavomera kuti sanandifotokozere bwino tsiku lija, anaiwala kunena kuti chogawira ndi kulemera kwa keke yakupsa. Amuna anga anawayankha kuti asadandaule, manamwino amadziwa jakisoni, sikelo aisiyire eni ake. Anaseka onse awiri, munthu ndi mlongo wake, monga sindinawamvepo chiyambire matendawo.

Mwezi umenewo kuchipatala anapeza kuti asiya kutsika thupi, ndipo mwezi wotsatira anawonjezera pang'ono. Sabata lina anayenda wapansi mpaka kutchalitchi, akupumira pamtengo uliwonse wa bulugamu. Anakhala pabenchi yakumbuyo n'kuimba nawo besi nyimbo ziwiri. Pobwerera anandigwira phewa njira yonse, chinthu chimene sanachitepo pagulu chikwatirane.

Nyengo yozizira itafika, mimba inayambanso kukana. Magalamu 80 anakhala ambiri. Iwo eni ndi amene anaganiza zochotsa magalamu 100 a fulawa n'kuikamo nsinjiro zolemera chimodzimodzi. Alamu anatiuza kuti nsinjiro zimenezo zili ndi makalori pafupifupi 570, pomwe fulawa tinachotsayo anali ndi 360. Keke yonse inakwera kufika 3,750, ndipo itapsa inalemera 875, pafupifupi makalori 4.3 pa galamu. Zidutswa tinazichepetsa kukhala magalamu 50, makalori 215 chilichonse, katatu patsiku. Kenako kawiri. Kenako ankangonyema kambali n'kubweza mbale, koma ankafunabe kuti chotsalacho ndichiyeze, alembe chomwe adya. Manambala ankatsika tsiku ndi tsiku m'kope, olembedwa ndi dzanja lawo lomwe, ndipo sananamizepo ngakhale galamu imodzi kuti andilimbitse mtima. Ine sindinaimenso pambali pawo ndi mbale.

Lachisanu lomaliza kunali chiperoni, nkhungu itaphimba munda wonse, kamvula kakuwaza. Sakanatha kutuluka, choncho ndinakokera mbaula pafupi ndi zenera la kuchipinda n'kulitsegula. Ndinkatchula manambala ndili panja, iwo akubwereza ali pabedi. Pensulo inali itawalemera. Keke itazizira ndinaitengera kwa iwo pamodzi ndi sikelo. Anayang'ana nambala, anatseka maso, n'kugawa pamtima. Anatchula yankho, ine nditayesa papepala linali lomwelo. Sanadye. Anapempha kuti ndingoiika pampando pafupi ndi pilo kuti azimva fungo. Anamwalira Lachiwiri masana, alamu ali pomwepo.

Patatha miyezi itatu ndinatuluka m'nyumba ya kampani, pakuti inkafunika kwa amene analowa ntchito yawo. Tsopano ndimakhala ku Bvumbwe kwa mwana wanga wamkazi. Ali ndi chitofu cha magetsi chokhala ndi uvuni wa chitseko cha galasi, ndipo adzukulu amakonda keke ya nthochi imene mayi awo amaphika. Amandisamala bwino, ndilibe chodandaula.

Chimene chimandisowa ndi munthu wouza tinthu tating'ono. Dzana ndinaona pamsewu mayi wina akugulitsa mapeyala aakulu kwambiri, ndipo ndinafulumiza mwendo kuti ndikawauze amuna anga. Ndinafika mpaka pageti ndisanakumbuke kuti anatisiya. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenako ndinabwerera kukagula awiri, ndipo madzulo tinadya ndi ana.