Nambala ya malemu

Tsamba langa la mchezo analitseka m'nyengo ya nandolo. Ndinali nditalengeza katundu wanga m'magulu ambirimbiri a ogula mbewu, uthenga umodzi womwewo ponseponse, monga tonse timachitira kuno ku Mongue, m'dziko la Mosambiki. Mwina makina awo anandiyesa wakuba, sindikudziwa, pakuti palibe anandifotokozera. M'mawa mwake ndinangopeza mawu akuti akaunti yayimitsidwa, ngati ndikuona kuti alakwitsa ndidandaule, apo ayi nthawi yodandaula ikatha adzaifufutiratu.

Za nandolo sizinandipweteke, ogula amabwera okha ndi njinga zawo. Chinandipweteka ndi kanema mmodzi. Malemu amuna anga ali pamenepo, akukonza tcheni cha njinga tsiku la ubatizo wa mwana wathu, malaya oyera ali girisi yekhayekha, akuyimba molakwitsa mawu ngati mwa nthawi zonse. Foni yomwe tinajambulira inagwera m'chitsime kalekale. Kanemayo anatsala pa tsambalo basi, ndipo mwana wanga wamkazi mawu a bambo ake amawadziwira pomwepo.

Ndinadina podandaulira. Anati ayambe atsimikiza kuti ndine mwini wake, ndiye anditumizira kodigo, manambala ochepa oti ndilembe m'kabokosi. Ndinadikira foni ili m'manja. Sinabwere. Ndinadinanso. Ndinakwera pachulu kuseri kwa tchalitchi pomwe netiweki imagwira bwino, ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, ndinafufuta mauthenga akale poganiza kuti malo adzaza. Ndinadina mpaka anandiuza kuti ndapempha mopyola muyeso, ndidikire kaye. Ndidikire! Amene akundiwerengera masiku ndi iwo omwe, amene akundiuza kudikira ndi iwonso. Ofesi alibe yoti munthu ukamenye tebulo. Ndinakalipira foni, nkhuku zokha n'zomwe zinathawa.

Mayi wina wogulitsa mafoni pamsika, mnzanga wa m'kwaya, ndiye anandionetsa chomwe ndinkachilumpha ndi ukali wangawo. Pansi pa kabokosiko panali nambala yobisidwa ndi timadontho, koyambirira kokha ndi kumapeto n'komwe kumaoneka.

"Amwali, iyitu ndi ya ku Malawi," anatero. "Yanu ya Mosambiki siyamba chonchi. Anakutsegulirani ndani tsambali?"

Manambala akumapetowo ndinawadziwa ngati dzina langa. Tsambalo ananditsegulira ndi amuna anga, ine ndilibe foni yangayanga, ndipo anaika nambala ya simu yawo ya ku Malawi. Kuno kumalire munthu kukhala ndi masimu awiri si nkhani, ndipo iwo ankagulitsa nyemba kutsidya. Foni nditagula ndinkangolowa ndi mawu achinsinsi, za nambala palibe anandifunsapo.

Tinayesa njira ina ya imelo. Nayonso anaitsegula ndi iwo, mawu ake achinsinsi anapita nawo kumanda. Titati tiwasinthe, imelo nayo inati itumiza kodigo ku nambala yomweyo. Zitseko ziwiri, kiyi mmodzi.

"Simuyo ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaitseka, nambala n'kupatsa wina," anatero mnzangayo. "Ili kuti?"

Ndinadziwa komwe inali. Amuna anga anali mkamwini kwathu. Titaika maliro, abale awo anabwera kudzagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Njinga inapita, jekete inapita, foni inapita kwa akulu awo a ku Majaua. Ine anandisiyira khasu ndi mwana, n'kundiuza kuti andimasula. Sindinatsutse, wamasiye satsutsa pabwalo. Koma palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza kuti m'kachitsulo kochepa ngati chikhadabo muli kiyi wa pakhomo panga.

Ndinaimba nambalayo. Inalira. Anayankha alamu, akulu awo a malemu aja.

"Alamu, ndine mayi a mwana wa malemu. Kwabwera mauthenga a manambala pafoniyo?"

"Ambirimbiri! Ndiye ndinu mukundisowetsa mtendere?"

"Ndipemphanso tsopano lino, mundiwerengere."

"Iyayi. Pawailesi amanena tsiku ndi tsiku kuti kodigo sapereka pafoni. Uthenga womwewu ukuti osauza munthu aliyense."

"Munthu aliyenseyo ndine? Simukundimva mawu?"

"Mawu amatengera anthu masiku ano. Mukaifuna, bwerani nokha."

Anadula. Ndikunena pano kuti ndinakwiya mpaka makutu kulira. Chondipsetsa mtima kwambiri chinali chakuti sanalakwe, zomwe ananenazo n'zomwe nanenso ndimauza anzanga. Koma bambo ameneyu anadya nkhuku zanga zingati? Pogawa katundu anandidziwa bwinobwino kuti ndine ndani, lero ndasanduka mbava ya pawailesi.

Ndinasiya nandolo pamkeka, ndinakwera shapa, minibasi ya kuno, mpaka ku vila ya Milange, kuchoka apo njinga yamoto. Msewu wa ku Majaua umakutulutsa zonse zomwe unadya. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawalase nawo, ena oti sindingawalembe pano.

Ndinawapeza akusenda chinangwa. Moni tinapatsana wouma. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi foni ija, ya mabatani, yomangidwa ndi mphira womwe anamanga amuna anga. Anati amaitchaja sabata iliyonse ndi kuikamo mayunitsi pang'ono kuti nambala isafe.

"Nanga ndiisiye ipite kwa mlendo?" anatero osandiyang'ana. "Ndiziimba n'kuyankha munthu wina?"

Mawu anga onse aja ndinawataya pomwepo. Mkwiyo wokha sunathe.

Pakhomo pawo intaneti sigwira, ndiye tinakwera kamtunda koyang'ana kutsidya, ine ndi foni yanga, iwo ndi ya malemu. Makodigo akale onse anali atafa, amakhala ndi moyo mphindi zochepa chabe. Ndinapempha yatsopano. Foni ya malemu inalira kaphokoso kaja komwe kankalira m'thumba la jekete tili m'tchalitchi. Alamu anawerenga pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata yoyamba pa Misa, ine ndikulemba. Kabokosi kanavomera.

Musaganize kuti akaunti inatseguka pomwepo. Kodigo inangondilola kudandaula. Anafunanso chithunzi cha chitupa changa, dzina lifanane ndi la pa tsamba. Ndinajambula bilyete yanga, chitupa cha kuno, nditaiika pamwala, ndinatumiza, n'kubwerera kwathu chimanjamanja, osadziwa ngati avomera.

Patapita masiku ndinangoona yatseguka. Pepani sananene. Ndisanayankhe ogula ngakhale mmodzi, ndinaikamo nambala yanga, ndinatsitsa kanema uja m'foni, wina pa memori khadi, wina kwa mnzanga wa kumsika. Nambala ya malemu sindinaichotse. Ndinafika pomwe amafufutira, chala chinakana.

Madzulo ake alamu anaimba. Ndinali nditawauza za kanemayo tili pa kamtunda paja.

"Mlamu, tanditumizirani pafoni ya mnansi wanga, ndimumveko mng'ono wanga."

"Pafoni sitipereka," ndinatero. "Mukamufuna, bwerani nokha."

Ndinkayesa ndabweza chipongwe, ndipo ndinagona mtima uli myaa. Loweruka lake masana ndinamva belu kubwalo. Anali iwo, fumbi mpaka m'nsidze, atapalasa kuchokera ku Majaua pa njinga ya malemu. Madzi sanamwe. Mwana wanga anawagwirira foni, n'kuwauza kuti amvetsere apa pomwe ababa amalakwitsa nyimbo.

Alamu anamvetsera, n'kuyimba mzere womwewo, molakwitsa chimodzimodzi.

"Ndinamuphunzitsa ndine," anatero. "Bwezanso, mwanawe."