Dzina la Malemu pa Nambala ya Sitolo

Tusajigwe Mwakyoma ankagulitsa malata ku Mwanjelwa, mumzinda wa Mbeya, m'sitolo imene mwamuna wake Lusekelo anamusiyira. Anali mayi wosaseka chisawawa, koma pa chilungamo panalibe womunena. Alimi a tiyi a ku Tukuyu ankamutumizira ndalama pafoni pang'onopang'ono, zikakwana n'kubwera kudzanyamula malata awo.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinamukanika: kuchotsa dzina la malemu pa nambala yolipirira. Munthu ukalemba nambalayo, usanaike nambala yako yachinsinsi, foni inkaonetsa kuti LUSEKELO MWAKYOMA. Panali patatha zaka zinayi chimuikire m'manda. Madzulo ena, sitolo ikakhala zii, Tusajigwe ankalemba yekha nambalayo kuti angoona dzinalo, kenako n'kufufuta. Makasitomala atsopano, odziwa iye yekha, atayamba kufunsafunsa kuti Lusekelo ndani, iye anawonjezera mzere pansi pa chenjezo la pakhoma: "Dzina lotuluka pafoni lisakudetseni nkhawa." Ankaganiza kuti wathetsa vuto.

Lolemba lina mu Novembala kunabwera bambo Ambokile Mwaipopo, mkulu wa imvi, atapangana kale ndi galimoto yonyamula katundu.

"Mayi Mwakyoma, ndabwera kudzatenga denga langa. Zotsala zija ndinamaliza Lachisanu."

"Lachisanu? Kuno sikunafike kanthu, bambo."

"Aa, musandiseweretse, ine si mwana. Si munalemba nokha kuti nambala yasintha?"

Mkuluyo anamupatsa foni yake. Uthengawo unachokera ku nambala wamba: "Ndalama ija tumizani pa nambala iyi, yakale ili ndi vuto." Akuba amamwaza mawu amenewa kwa anthu zikwizikwi, podziwa kuti wina apezeka ali ndi ndalama m'manja. Mkuluyu anatumiza mashilingi 640,000, za tiyi wa chaka chathunthu.

"Nanga dzina lachilendo litatuluka simunadabwe?"

Mkuluyo anangoloza kukhoma ndi ndodo yake. Tusajigwe anawerenga zolemba za dzanja lake lomwe. Anaimbira a kampani ya foni, anapita ndi mkuluyo kupolisi, koma ndalama zinali zitatapidwa tsiku lomwelo.

Mawa lake anamatula pepala lija n'kuyamba kulemba lina. Zoyamba zinayenda bwino. Uthenga weniweni wa malipiro umabwera m'dzina la kampani, osati pa nambala ya munthu, ndipo ngakhale utero, onani kaye ndalama zimene zili m'foni mwanu. Wina akati wakutumizirani molakwitsa, musabweze nokha, aimbire kampani. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale mwini sitolo. Atafika pa za dzina, cholembera chinaima. Akanatha kungolemba kuti pazituluka Lusekelo, koma anadziwa kuti munthu amene wazolowera kulipira kwa dzina la munthu wosamuona sachedwa kulipiranso kwa lina. Analira pang'ono, mokwiya, kenako anatenga chitupa chake n'kupita kukalembetsa nambala yatsopano.

Apa ndiye panali pomvetsa chisoni. Tsopano anafunika kuuza anthu kuti nambala yasintha, mawu omwewo a akuba aja. Sakanatumiza uthenga kwa aliyense. Choncho analemba ndi zilembo zikuluzikulu: "Nambala yathu ndi iyi yapakhoma yokha. Za kusintha kwake simudzazimva pa uthenga wa foni. Musanaike nambala yachinsinsi werengani dzina. Likapanda kukhala TUSAJIGWE MWAKYOMA, lekani, bwerani mudzandifunse pamaso." Alimi akutali anawayendera yekha, Lamlungu ndi Lamlungu, n'kumawalembera nambalayo pamakadi awo olembapo ndalama zimene alipira.

Kwa a Mwaipopo anafika komalizira, chifukwa cha manyazi. Anawapeza atakhala pakhonde la nyumba yakale. Pambali pake panali makoma a yatsopano, opanda denga, njerwa zapamwamba zitayamba kusungunuka ndi mvula. Pa malata makumi atatu amene mkuluyo ankalipirira, Tusajigwe anali atawatengera khumi okha, amene ndalama zake zinafikadi. Kuposa pamenepo sitolo ikanagwa.

Anawawerengera chenjezo lija. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatenga foni, n'kulemba nambala yatsopanoyo. Anayang'anitsitsa dzina limene linatuluka.

"Ndiye a Lusekelo mwawachotsa."

"Ndawachotsa, bambo."

"Pepani. Mwalemba bwino zedi, mwana wanga. Mukapachike poonekera, ena apulumuke." Anabweza foni m'thumba la jekete. "Koma khadi langalo musavutike kulembapo. Ine zomanga ndasiya."